Lamya ya ku Joni Ikayamba Kufupika

Mwamuna wina amalondera sitolo ku Joni, ndipo mkazi wake ali kumudzi. Kale ankacheza pa lamya theka la ola. Tsopano mphindi zitatu zokha. Kodi chikondi chatha?

Mlonda wa kumeneko kawirikawiri amagwira ntchito maola 12, kuyambira 6 koloko madzulo kufikira 6 koloko mmawa. Akaweruka amakagona m'chipinda chokhalamo ndi anzake, mmene sangathe kulankhula za m'banja momasuka. Munthu wotere mawu amamchepera, koma mtima ukadali kwawo.

Tsono mkazi wanzeru sawerenga mphindi, koma amayang'anira tsiku lopuma. Wotopa akagona mokwanira amaimba yekha, nafunsa ngati mwana uja anachira chifuwa, ngati feteleza anagulidwa. Amakumbukira zimene anauzidwa sabata yatha. Koma kwa iye amene mtima wachoka, tsiku lopuma ndi tsiku la ntchito n'chimodzimodzi: safunsa kanthu, ndipo nkhani yobwera pa Khirisimasi amaizemba. Ndalama si umboni, pakuti ena amatumiza mwezi ndi mwezi atakwatira kale kwina.

Palinso china chonyenga. Ntchito ikatha, kapena chilolezo chokhalira m'dzikomo chikatha masiku, manyazi amamtseka pakamwa mwamuna, nathawa lamya poopa kupemphedwa ndalama. Pamenepa funso lakuti, "Kodi simundikondanso?" limangofupikitsa lamya ija. Lothandiza ndi lakuti, "Bambo a Chikondi, kuntchito kuli bwanji? Mumapuma liti, kuti tizicheza tsiku limenelo?"