Views 8,000 si anthu 8,000: kuwerenga lipoti la vidiyo pa Facebook

Munthu akaika vidiyo pa tsamba lake la Facebook, maso amathamangira ku nambala yaikulu ija. Ikafika 8,000 amaijambula n'kutumizira anzake, amvekere anthu 8,000 aonera. Nambalayo si yabodza ayi, kungoti si anthu amene ikuwerenga. Mukatsegula Professional dashboard kapena Meta Business Suite n'kulowa pa Insights, mupeza mawu atatu amene amasokoneza ongoyamba kumene: Impressions, Reach ndi Views.

Taganizirani mayi wogulitsa zitenje m'mbali mwa msewu wopita kudepoti. M'mawa anthu amadutsa popita ku ntchito, madzulo omwewo amadutsanso pobwerera. Mukawerenga ulendo uliwonse umene maso a munthu agwera pa zitenjezo, mwawerenga Impressions. Mukawerenga nkhope, munthu aliyense kamodzi kokha ngakhale adutse kasanu, mwawerenga Reach. Choncho Impressions ndi maulendo amene vidiyo yanu yatulukira pa sikirini ya munthu, pomwe Reach ndi chiwerengero cha maakaunti amene yawatulukira. N'chifukwa chake Reach imakhala yocheperapo kapena yofanana ndi Impressions.

Views ndiye yovutirapo, chifukwa tanthauzo lake lakhala likusintha. Kwa zaka zambiri Facebook inkati vidiyo yaoneredwa ikasewera masekondi 3. Mu 2024 kampani ya Meta, eni ake a Facebook ndi Instagram, inaika Views kukhala nambala yotsogolera pa malipoti, ndipo pa vidiyo inayamba kuwerenga ulendo uliwonse umene yayamba kusewera, kuphatikizapo kubwereza. Tsono kumbukirani kuti pa mafoni ambiri vidiyo imayamba yokha munthu asanaidine. Munthu akungotsetsereka ndi chala kufunafuna zotsatira za mpira, vidiyo yanu yayamba, iye wadutsa sekondi isanathe, koma lipoti lalemba kale. Kuchokera nthawi imeneyo mawu a Impressions akhala akuchoka m'malipoti ena a masamba wamba, ngakhale kuti mukalipira kuti vidiyo itsatsidwe mumawapezabe mu Ads Manager.

Tiyeni tiike manambala ongoyerekeza. Telala wina wajambula vidiyo ya masekondi 40 yoonetsa diresi lachinkhoswe limene wasoka. Patatha sabata lipoti lake likuti Impressions 9,000, Reach 6,000, Views 8,000, 3-second views 2,000, ndipo nthawi yonse imene vidiyoyo yasewera ndi mphindi 800.

Choyamba achite n'kugawa 9,000 ndi 6,000. Yankho ndi 1.5, kutanthauza kuti tikagawa mofanana, akaunti iliyonse inakumana ndi vidiyoyo kamodzi ndi theka. Kunena momveka, mwina theka la anthuwo linaiona kawiri. Otsatsa malonda nambala iyi amaiona pa sikirini yolembedwa Frequency. Pa vidiyo yosalipira 1.5 ilibe vuto. Koma tiyerekeze kuti telalayo walipira, ndipo tsiku ndi tsiku Impressions ikukwera pomwe Reach yaima pamodzimodzi, mpaka kugawako kukupereka 5 kapena 6. Apo ndalama yake ikungogogoda pa makomo omwe aja. Chizindikiro chake n'chakuti mauthenga ofunsa mtengo amayamba kuchepa ngakhale nambala yaikulu ikukulirakulira, ndipo mankhwala ake ndi kukulitsa dera limene akutsatsa kapena kusintha vidiyo.

Chachiwiri ndi mpata wa pakati pa 9,000 ndi 8,000. Vidiyo inatuluka pa sikirini maulendo ena koma osasewera. Kwathu kuno zimenezi si zachilendo, chifukwa ambiri amazimitsa zoti vidiyo iziyamba yokha pofuna kusunga bandulo, ndipo netiweki ikafooka chithunzi choyamba chimaoneka koma vidiyo osayenda. Zimathekanso kutembenuka, Views n'kuposa Impressions. Izi zimachitika kawirikawiri ndi timavidiyo tatifupi timene tikatha timayambiranso tokha. Munthu wasiya foni pa tebulo kukaphula nsima, kavidiyo kakungozungulira, nambala ikukwera.

Pamene pali nkhani yeniyeni ndi pa 2,000. Pa maulendo 8,000 amene vidiyo inayamba, ndi 2,000 okha amene anafika masekondi 3. Atatu mwa anayi alionse anadutsa diresi lisanaoneke n'komwe. Ngati telalayo anayamba ndi moni wautali, kudzitchula dzina ndi kufotokoza kumene kuli shopu yake, diresi n'kudzatuluka pa sekondi ya 10, ndiye kuti ambiri mwa anthu 6,000 aja sakudziwa kuti amasoka chiyani. Ine nambala iyi ndimaikhulupirira kuposa Views, ngakhale kuti masekondi 3 nawonso si kuonera kwenikweni. Ndi nthawi yongokwanira kuti chala chizengereze.

Mphindi 800 zija tizisandutse masekondi, zikwana 48,000. Tikagawa ndi 8,000 tipeza masekondi 6 pa ulendo uliwonse. Telala akaona 6 pa vidiyo ya masekondi 40 angagwe mphwayi n'kumati palibe amene anakonda ntchito yake. Asafulumire. Maulendo 6,000 amene anathera panjira aja, ngakhale titawapatsa masekondi 3 athunthu uliwonse, sangapose masekondi 18,000. Ndiye kuti masekondi osachepera 30,000 otsalawo ndi a maulendo 2,000 aja, omwe ndi masekondi 15 kapena kuposerapo pa ulendo umodzi. Amene anaima anaimadi. Vuto la vidiyoyo lili poyambira, pakati pake m'pabwino, ndipo chofunika kukonza ndi masekondi atatu oyamba basi. Pa malipoti ambiri pamakhala kamzere kotchedwa Audience retention koonetsa pamene anthu akuchokera. Kakagwa chiphompho pachiyambi kenako n'kuyenda mosalala, ndi nkhani yomweyi. Kakamatsetsereka mosaleka mpaka kumapeto, vidiyoyo yatalika kapena ikubwerezabwereza.

Masamu amenewa anaisokonezapo Facebook yomwe. Mu 2016 kampaniyi inavomera kuti kwa zaka pafupifupi ziwiri inkakweza nambala ya nthawi imene anthu amaonera vidiyo, chifukwa pogawa inkangowerenga okhawo amene adutsa masekondi 3, odutsa msanga n'kuwasiya kunja. Otsatsa malonda anadandaula kwambiri mpaka nkhaniyo inafika kukhoti ku America. Choncho mukaona nambala yochokera m'kugawa, muzifunsa kuti agawa ndi chiyani.

Pali cholakwika china chimene chimapezeka ngakhale m'malipoti a mabungwe opita kwa opereka thandizo. Munthu amatenga Reach ya Lolemba, ya Lachiwiri mpaka Lamlungu n'kuphatikiza, kapena kuphatikiza Reach ya mavidiyo khumi, n'kulemba kuti tafikira anthu akutiakuti. Impressions ndi Views mukhoza kuphatikiza, chifukwa ndi maulendo. Reach ayi. Mlongo wanu amene anaona vidiyo Lolemba n'kuionanso Lachinayi ali mu Reach ya masiku onse awiri, ndipo mukaphatikiza mwamuwerenga kawiri. Ngati mukufuna Reach ya sabata yonse, sankhani masiku asanu ndi awiriwo pamwamba pa lipoti, makinawo achotse okha obwereza. Mudzaona kuti nambala yake ndi yocheperapo kuposa imene munaphatikiza ndi kakyuleta.

Ngakhale ikawerengedwa bwino, Reach ndi maakaunti, ndipo Meta imanena yokha kuti ndi nambala yoyerekeza. Mnyamata wa maakaunti awiri, ya kutchalitchi ndi ya anzake, akhoza kuwerengedwa kawiri. Banja la anthu asanu limene launjikana pa foni imodzi madzulo limawerengedwa kamodzi. Ndipo vidiyo ikakopedwa n'kuyamba kuyenda m'magulu a WhatsApp ngati fayilo, monga zimachitikira ndi nthabwala ndi nyimbo zambiri kwathu, lipoti la Facebook silidziwa kalikonse. Oimba ena amadabwa kuti nyimbo ikulira m'minibasi iliyonse koma manambala ndi ochepa. China mwa zifukwa ndi chimenechi.

Mukasamukira ku YouTube, mawu omwewa amavala tanthauzo lina, ndipo apa ambiri amapunthwa. Kumeneko Impressions ndi maulendo amene kachithunzi ka pachikuto cha vidiyo kaonetsedwa, theka lake kapena kuposerapo likuoneka pa sikirini kwa nthawi yoposa sekondi imodzi, komanso pa YouTube pomwepo. Munthu amene wadina linki imene mwamutumizira pa WhatsApp amawonjezera Views popanda kuwonjezera Impressions. Mu YouTube Studio, mawu a Reach ndi mutu wa tsamba chabe. Chiwerengero cha anthu muchipeza pa Unique viewers. Pambali pake pali Impressions click-through rate, yonena kuti mwa maulendo 100 amene kachithunzi kanaoneka, angati anadina. YouTube imati theka la mavidiyo onse limagwera pakati pa 2 ndi 10 pa 100 alionse, ndiye 4 kapena 5 isakudetseni nkhawa. Timavidiyo tatifupi ta Shorts, kuyambira pa 31 Malichi 2025, timawerengedwa tikangoyamba kusewera, monga zikhalira pa TikTok, pomwe kawerengedwe kakale kanatsala pansi pa dzina la Engaged views. Choncho kuyerekeza Views 8,000 za pa TikTok ndi Views 2,000 za vidiyo yaitali ya pa YouTube n'kunena kuti TikTok yapambana ndi kudzinamiza. Wa pa YouTube uja anasankha yekha kudina.

Makampani amenewa amasintha mayina ndi matanthauzo pafupipafupi. Pa Instagram mupeza Accounts reached pamalo pa Reach. Musaloweze mayina okha. Pafupi ndi nambala iliyonse pamakhala kabwalo kakang'ono kokhala ndi chilembo cha i. Dinani pamenepo muwerenge ngati akuwerenga maulendo kapena maakaunti, komanso ngati pali masekondi amene ayenera kukwana.

Izi zimakhudza thumba mwachindunji pamene mwini tsamba lotchuka akukuuzani mtengo woti akulengezereni malonda, n'kukuonetsani Views zokha. Musapereke ndalama musanamupemphe chithunzi cha lipoti la mavidiyo ake atatu omaliza, choonetsa Reach, 3-second views ndi madera kumene omuonera amakhala. Ngati mumasoka ku Mzuzu koma ambiri omuonera ali ku Joni, Views zakezo sizikubweretserani kasitomala woti mumuyeze.