Malonda akangoima, kalendala iwatseke

Ogula ndi kugulitsa ndalama zakunja pa intaneti amadziwa njira ziwiri zotulukira m'malonda: Stop Loss mtengo ukawatembenukira, ndi Take Profit ukafika pomwe amafuna. Ine ndimati pakhalenso yachitatu, yowerenga masiku, chifukwa malonda ena sapita kutsogolo kapena m'mbuyo.

Tiyerekeze kuti mwagula EUR/USD pa 1.0850 poona kuti mtengo wabowola denga lomwe wakhala ukulephera kulidutsa kwa milungu ingapo. Mwaika Stop Loss pa 1.0800 ndi Take Profit pa 1.0950. Patha masiku asanu, mtengo uli pa 1.0858. Simunaluze, n'zoona, koma chomwe munalowera chinali chakuti ogula akhamukira msanga denga likabowoka, ndipo sanabwere. Chifukwa chogulira chatha, chatsala n'chiyembekezo chabe. Kudikirako sikwaulerenso: malonda akagona usiku pamakhala Swap, yomwe nthawi zina imakudulani ndalama, ndipo makampani ambiri amaiwerengera katatu Lachitatu. Ndalama yachikole nayo yamangika, singagwire ntchito kwina.

Nanga masikuwo akhale angati? Osalota. Tengani mitengo ya zaka zapitazo, malamulo olowera musawakhudze, musinthe tsiku lotulukira lokha: kuyambira masiku 3 mpaka 20, kuwerenga okhawo omwe msika umatsegula. Pa mulingo uliwonse onani phindu lapakatikati la malonda amodzi mutachotsa zolipira zonse. Musathamangire nambala yomwe yapambana. Ngati masiku 7 akuwala pomwe 6 ndi 8 akuluza, umenewo ndi mwayi wongogwera, sudzabwereza. Chodalirika ndi pomwe masiku oyandikana, monga 5 mpaka 8, akupereka zotsatira zofananako. Mukasankha nambalayo, iyeseni pa zaka zomwe simunazigwiritse ntchito posankha; ikagwa pamenepo, itayeni.

Ena amati lamuloli limadula malonda omwe akanadzabala, ndipo sakunama. Amene amatsata mtengo ukayamba ulendo wautali amapeza phindu la chaka kuchokera ku malonda ochepa aakulu, ena mwa malondawo oyamba mwaulesi. Kuwatseka tsiku lachisanu n'kuzula chinangwa chisanakhwime. Yankho langa n'lakuti kalendala isagwire ntchito yokha. Tsekani pokhapokha ngati masiku akwana koma mtengo sunakwere ngakhale theka la mtunda wa pakati pa pomwe munagulira ndi Stop Loss. M'chitsanzo chathu mtundawo ndi 0.0050, theka lake 0.0025, choncho malire ndi 1.0875: pa 1.0858 mutuluka, pa 1.0890 mukhalabe. Kenako bwererani ku mitengo yakale ija, muone komwe malonda otsekedwa ndi kalendala akanathera mukanawasiya. Ngati onse pamodzi akanabweretsa phindu loposa lomwe munatuluka nalo, masiku anu achepa, kapena njira yanu yolowera siyogwirizana ndi lamuloli.