Sinthani mtundu kamodzi, masilaidi onse atsatire

Tiyerekeze kuti mwakonza masilaidi 40 a lipoti la pachaka mu PowerPoint, ndipo mitu ndi machati onse ndi a buluu. Msonkhano ndi mawa, abwana akuti mtundu wa bungwe ndi wobiriwira. Ambiri amayamba kupaka silaidi imodziimodzi mpaka pakati pa usiku, chonsecho ntchitoyi ndi ya mphindi zochepa.

Fayilo iliyonse ya PowerPoint imasunga mitundu yake 12 pamalo amodzi: inayi ya mawu ndi kumbuyo kwa silaidi, isanu ndi umodzi yokongoletsera, kuyambira Accent 1 mpaka Accent 6, ndi iwiri ya malinki. Bokosi kapena chati chopakidwa Accent 1 sichisunga buluu mwa icho chokha. Chimangotenga mtundu uliwonse umene uli pa Accent 1. Mukasintha pamenepo, zonse zimasinthira limodzi.

Pitani pa Design, dinani kamuvi ka pa Variants, sankhani Colors kenako Customize Colors. Pa Accent 1 ikani wobiriwira wa bungwe lanu, lembani dzina, dinani Save. Kalembedwe ka zilembo nako n'chimodzimodzi: Fonts, kenako Customize Fonts. Apa pali malo awiri okha, Heading font ya mitu ndi Body font ya mawu ena onse. Ngati mumalemba ŵ, yesani kaye ngati fonti mwasankhayo ili nacho chilembochi, chifukwa chikasowa kompyuta imabwereka kwa fonti ina ndipo chimaoneka chachilendo pakati pa zinzake.

Nthawi zambiri masilaidi ena amakana kusintha, ndipo apa m'pamene anthu amagwa ulesi. Chifukwa chake n'chakuti wina anawapaka pamanja. Mukatsegula bokosi la mitundu, pamwamba pali Theme Colors, pansi pali Standard Colors. Mtundu wotengedwa pansipo, kapena pa More Colors, umamatirira pomwepo, sumva zimene mwasintha. Fonti nayo imadziulula: dinani pa mawuwo, tsegulani mndandanda wa mafonti, muone ngati yosankhidwa ili ya pamwamba yolembedwa (Headings) kapena (Body). Ngati si imeneyo, inaikidwa pamanja.

Kuti muwongole, sankhani mawuwo n'kudina Ctrl+Space, kapena sankhani masilaidi okanawo n'kudina Reset pa Home. Koma dziwani kuti Reset imabwezanso mabokosi a mitu ndi mawu pamalo awo akale, ndiye muyang'anenso ngati munawasuntha dala. Mabokosi amene munajambula nokha siiwakhudza.

Vuto lina limabwera ndi masilaidi okopera kwa mnzanu. Mukawamata ndi Keep Source Formatting, amalowa ndi mitundu yawoyawo, ndipo pa View, Slide Master mudzapeza zikombole ziwiri m'malo mwa chimodzi. Pomata, sankhani Use Destination Theme. Zithunzi ndi chizindikiro cha bungwe sizisintha ndi njirayi. Zimenezo muzisintha padera.