Kodi kompyuta imaipeza bwanji nambala?

Kompyuta imasunga nambala m'timabokosi, ndipo bokosi lililonse lili ndi adiresi, ngati mabenchi a pamsika ku Chifunde mutawalemba manambala. AL, BX ndi SI ndi timatumba ta pulosesa. Taonani malamulo anayi awa m'chilankhulo cha asembule:

```
mov al, 5
mov al, [200]
mov al, [bx]
mov al, [200+si]
```

Loyamba likuika 5 yemweyo mu AL. Lachiwiri likutenga zomwe zili m'bokosi 200. Lachitatu likuyamba lafunsa BX: mukakhala 200, labwereranso kubokosi lomwelija. Lachinayi limawonkhetsa. SI akakhala 3, lapita kubokosi 203, ndiye mukamakweza SI mumayenda bokosi ndi bokosi.

Koma samalani pa lachiwiri. Mukaiwala `[ ]`, AL alandira 200 yemweyo, osati za m'bokosimo. Kompyuta sidandaula ayi, yankho limangotuluka lolakwika.