Makapu asanu ndi atatu a tiyi ndi matumba atatu a chimanga

Kumalo ofufuzira za ulimi a Rothamsted, ku Mangalande, kunali mayi wina wofufuza za ndere, a Muriel Bristol. Mayiwa ankati akangolawa tiyi amadziwa ngati mkaka ndi umene unayamba kuthiridwa m'kapu kapena tiyi. Katswiri wa masamu, a Ronald Fisher, amene anayamba ntchito pamalopo mu 1919, sanangotsutsa pakamwa. Anaganiza za njira yoyesera nkhaniyi, ndipo anaifotokoza m'buku lawo la 1935 lotchedwa The Design of Experiments. Pa tiyi ameneyu ndi pamene munthu angayambire kumvetsa kanambala kotchedwa p, kamene timakaona m'malipoti a zaumoyo ndi zaulimi, kamenenso ophunzira ambiri amakawerenga chagada.

Njira yake inali iyi. Konzani makapu asanu ndi atatu, anayi oyamba ndi mkaka, anayi oyamba ndi tiyi. Asakanizeni mwamaere, kenako muwauze mayiwo kuti apatule anayi amene anayamba ndi mkaka. Musanaone zotsatira, yerekezani kuti mayiwa alibe luso lililonse, akungolota. Pali njira 70 zosankhira makapu anayi pa asanu ndi atatu, ndipo yolondola kotheratu ndi imodzi yokha. Choncho munthu wongolota angalondole onse anayi kamodzi pa maulendo 70, kumene ndi 0.014. Mayiwo akalondola onse, p ndi 0.014. Akalondola atatu n'kuphonya imodzi zinthu zimasintha, chifukwa njira zolondola atatu zilipo 16, ndipo tikaphatikiza imodzi yolondola onse ija zimakwana 17 pa 70, kumene ndi 0.24. Wongolota amafika pamenepo pafupifupi kamodzi pa maulendo anayi, ndiye palibe chodabwitsa.

Taonani kumene nambalayi yachokera. Tayamba ndi kuyerekeza kuti luso palibe, kenako tafunsa kuti: zikanakhala choncho, zotsatira ngati izi, kapena zoposa izi, zikanabwera kangati? Funso limene p amayankha ndi lokhali basi. Sanena kuti mpata woti mayiwo akungolota ndi 0.014, ndipo sanenanso kuti tatsimikiza ndi 98.6 peresenti kuti luso ali nalo. Sangathe kunena zimenezo, popeza kungolotako tinachita kukuyerekeza tisanayambe n'komwe kuwerengetsa. Ziganizo ziwirizi zimamveka ngati n'chimodzimodzi, koma zili ngati kunena kuti pafupifupi onse ogwidwa ndi ng'ona anali kumadzi, n'kutembenuza kuti pafupifupi onse opita kumadzi amagwidwa ndi ng'ona. Choyambacho n'choona, chachiwiricho ayi. Ineyo ndimaona kuti wophunzira akagwira kusiyana kumeneku, theka la vuto lake latha.

Tsopano tisiye tiyi tilowe m'munda, ndi chitsanzo chongoyerekeza chimene mungachiwerengetse nokha. Tinene kuti mlangizi akufuna kudziwa ngati kuonjezera manyowa pa feteleza kumachulukitsa chimanga. Wasankha minda 25, uliwonse waugawa pakati, mbali ina feteleza yekha, mbali ina feteleza ndi manyowa. Atakolola, wapeza kuti mbali ya manyowa yaposa inzake ndi avareji ya matumba atatu a makilogalamu 50 pa hekitala. Koma minda sinayankhe mofanana. Ina yapindula kwambiri, ina pang'ono, ina mbali ya manyowa ndi imene yachepa. Kumwazikana kumeneku kuli ndi muyeso wake, umene pakompyuta umalembedwa `SD`, ndipo tinene kuti pano wakwana matumba 7.

Funso ndi lakuti avareji ya matumba atatuyo ingagwedezeke bwanji akanati asankhe minda ina 25. Kugwedezeka kwa avareji, kumene kumalembedwa `SE`, kumapezeka motere:

```
SE = 7 / √25 = 1.4
t = 3 / 1.4 = 2.14
p = 0.04
95% CI = 3 ± (2.064 × 1.4) = 0.1 ... 5.9
```

Nambala ya 2.064 imatengedwa pa tebulo la t, pamzere wa 24, ndiko kuti chiwerengero cha minda kuchotsapo umodzi. Tiyambe ndi p. Akutiuza kuti manyowa akanakhala kuti sasintha kanthu, kusiyana kwa matumba atatu kapena kuposapo, kumbali iliyonse, kukanaoneka pafupifupi kanayi pa maulendo 100 obwereza kafukufukuyu. Pakhala chizolowezi chakuti p akatsika pansi pa 0.05 anthu amati zotsatira zatsimikizika. Malire amenewa anatchuka ndi buku la a Fisher la 1925, ndipo ndi mgwirizano chabe wa anthu, si lamulo la chilengedwe. Umboni wa 0.04 ndi wa 0.06 n'ngofanana mphamvu, ngakhale wina walumpha chingwe wina sanalumphe.

Mlimi, komabe, sanafunse za p. Iye akufuna kudziwa matumba. Apa ndi pamene mzere womaliza uja umagwira ntchito. Tiutche mpata wachidaliro: matumba 0.1 mpaka 5.9. Mpatawu ukusonyeza kukula kwa phindu kumene kukugwirizana ndi zimene takolola. Phindu lenileni likhoza kukhala pafupifupi matumba asanu ndi limodzi, likhozanso kukhala makilogalamu asanu okha, osadzaza ndi ndowa yomwe. Ngati kututa ndi kuthira manyowa kumadya ndalama zofanana ndi matumba awiri pa hekitala, ndiye kuti kafukufukuyu sanayankhe funso la mlimi, chifukwa mpatawo uli ndi manambala a pansi pa 2 ndi a pamwamba pake omwe. Lipoti longolemba kuti p ali pansi pa 0.05 likanabisa zonsezi. N'chifukwa chake ndimalimbikira kuti munthu aziwerenga mpata poyamba, mapeto onse awiri, asanayang'ane p.

Nanga 95 peresentiyo ndi ya chiyani? Apa ndi pamene ambiri amaterereka. Amene anakonza njirayi ndi a Jerzy Neyman a ku Poland, mu 1937, ndipo lonjezo lawo linali pa njirayo, osati pa mpata umodzi. Mlangizi uja akanabwereza kafukufuku wake maulendo 100, ulendo uliwonse ndi minda ina 25, akanapeza mipata 100 yosiyana, wina 1.0 mpaka 6.5, wina wotsikirapo, wina wokwererapo. Pafupifupi 95 mwa mipatayo ikanakhala ndi phindu lenileni m'kati mwake, ndipo pafupifupi isanu ikanaliphonya. Phindu lenilenilo silisuntha, chimene chimasuntha ndi mpata. Zili ngati kuvundikira nsomba ndi dengu m'madzi amatope: mukudziwa kuti kavundikiridwe kanu kamagwira maulendo 95 pa 100, koma ulendo uno nsomba ili m'kati kapena ili kunja, ndipo madziwo sakukuonetsani. Mpata wa 0.1 mpaka 5.9 ungathe kukhala umodzi mwa isanu yophonya ija, ndipo palibe chizindikiro chimene chingatiuze.

Pali kulakwa kwina kumene ndimakuopa kwambiri, chifukwa kumafika m'thumba la munthu. Wina amawerenga mpatawo n'kuuza alimi kuti 95 pa 100 alionse a iwo adzapeza phindu la pakati pa 0.1 ndi 5.9. Si choncho. Mpatawo ukukamba za avareji, osati za munda wa munthu mmodzi. Kumwazikana kwa minda kuja kunali matumba 7, ndiye minda yambiri ingagwere paliponse kuyambira kutaya matumba 11 mpaka kupindula 17. Ngati zokolola zamwazikana mwa nthawi zonse, zambiri pakati ndi zochepa m'mbali, pafupifupi munda umodzi pa itatu iliyonse unakolola zochepa kumbali ya manyowa. Mukachulukitsa minda ya m'kafukufuku mpata wa avareji umachepa, koma kusiyana kwa munda ndi munda kumakhala pomwepo.

Tiyerekezenso kuti mlangizi wachiwiri anayesa zomwezo koma ndi minda 9 yokha, n'kupeza avareji yomweyo ya matumba atatu ndi kumwazikana komweko kwa 7. Kwa iye `SE` akukwana 2.33, p akukwana 0.23, ndipo mpata ukuchokera pa kutaya matumba 2.4 mpaka kupindula 8.4. Ambiri apa amalemba kuti manyowa sathandiza, ndipo wowerenga amaganiza kuti alangizi awiriwa akutsutsana. Chonsecho onse apeza matumba atatu! Wachiwiriyu wangokhala ndi minda yochepa, moti sangasiyanitse phindu ndi mwayi. Mpata wake ukulola ziro, inde, koma ukulolanso matumba asanu ndi atatu. Kulephera kupeza umboni wa kusiyana sikutanthauza kuti tapeza umboni wakuti kusiyana kulibe. Muonenso kuti zinthu ziwirizi zimayendera limodzi: mpata wa 95 peresenti ukakhala ndi ziro m'kati, p amakhala pamwamba pa 0.05, ndipo ziro akakhala kunja, p amakhala pansi pake.

Mbali inayo iliponso. Ndi minda 10,000 ndi kumwazikana komweko, phindu la makilogalamu 10 okha pa hekitala lingatulutse p wa 0.004. Nambalayo ndi yaing'ono mochititsa chidwi, koma palibe mlimi amene angabwereke ngolo chifukwa cha makilogalamu 10. Kuchepa kwa p sikuyeza kukula kwa phindu. Mfundo imeneyi, pamodzi ndi ija yakuti p si mpata woti ganizo lathu ndi loona, ili m'chikalata chimene bungwe la American Statistical Association linatulutsa mu 2016 litaona kuti ngakhale akatswiri olemba m'magazini a sayansi akusokoneza.

Masamu onsewa amadalira mmene kafukufuku anachitikira, ndipo pamenepa kompyuta sichenjeza. Ngati mlangizi uja ankaika manyowa kumunsi kwa munda nthawi zonse, kumene kuli chinyontho, ndiye kuti matumba atatuwo angakhale a chinyontho, ndipo p ndi mpata womwe zidzatuluka zooneka bwino koma zikuyeza chinthu china. N'chifukwa chake a Fisher anaumirira kuti makapu asakanizidwe mwamaere. M'munda, ndiye kuti kuponya kobiri pa munda uliwonse kuti lisankhe mbali yolandira manyowa.

Funso lina loyenera kufunsa wolemba lipoti ndi lakuti anayesa zinthu zingati asanapeze p amene akutionetsayo. Munthu akayesa zinthu 20 zosadalirana zimene zonse sizigwira ntchito, mwayi woti chimodzi kapena kuposapo chitsike pansi pa 0.05 ndi pafupifupi 64 pa 100. Akatibweretsera chimodzicho n'kusiya 19 zija m'kabati, 0.04 wake satanthauzanso kanayi pa 100. Pamene mlangizi wathu woyamba uja anali ndi funso limodzi, analisankha asanabzale, ndipo anawerenga minda yonse 25, kuphatikizapo imene manyowa anaoneka ngati agwetsa zokolola.