Masatifiketi a za netiweki: angati akwanira?

Pa makalata ofunsira ntchito ya za makompyuta, si zachilendo kuona munthu atandandalika masatifiketi asanu ndi awiri kapena kuposa, koma asanagwirepo ntchitoyo ngakhale chaka chimodzi. Olemba ntchito odziwa bwino saona kuchulukako ngati mwayi. Amangofunsa kuti: netiweki ya ofesi ikafa m'mawa uno, muyambira pati? Amene angayankhe ndi amene anaigwirapo ndi manja.

Chimene ambiri sadziwa polipira mayeso n'chakuti masatifiketi amenewa amatha mphamvu. CCNA ya kampani ya Cisco imakhala zaka 3, chimodzimodzinso A+, Network+ ndi Security+ za bungwe la CompTIA, komanso masatifiketi a AWS. Nthawiyo ikakwana, mumalembanso mayeso kapena kusonyeza kuti mwapitiriza kuphunzira; Security+ imafuna mapointi 50 a maphunziro oterewa pa zaka zitatuzo. Zambiri mwa izi zimalipiridwa m'madola, ndipo ku Malawi, kumene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nkhani ya madola si yaing'ono. Satifiketi iliyonse imene mwatenga ndi ngongole imene idzakupezani pakatha zaka zitatu. Choncho ine ndimati masatifiketi achuluka pamene simungathe kuwasamalira onse, kapena pamene pali ena amene simungafotokoze ntchito imene munagwira nawo.

Tiyerekeze mtsikana amene wamaliza dipuloma ya za makompyuta ndipo wapeza ntchito yothandiza anthu muofesi makina akavuta. Cholinga chake n'kukhala katswiri wa netiweki. Anzake akumuuza kuti atenge A+, Network+, CCNA, Security+ ndi CISSP, zonse motsatizana.

A+ ndi mayeso awiri, ndipo amakhudza zimene iye akuchita kale tsiku ndi tsiku: kukonza kompyuta, kuikamo mapulogalamu, kulumikiza pulinta. Dipuloma ndi ntchito yake zikumuchitira kale umboni, ndiye angathe kuidumpha. Pa Network+ ndi CCNA m'pamene ndalama zambiri zimatayikira. Ziwirizi zimaphunzitsa zinthu zofanana kwambiri: mmene maadiresi a pa netiweki amagawidwira, mmene swichi ndi rauta zimatumizira uthenga, ndi mmene mungapezere pamene pavuta. Kusiyana kwake n'kwakuti Network+ siyang'ana makina a kampani imodzi, pamene CCNA imalowa mozama ndipo imafuna kuti mudziwe kulamula makina a Cisco. Kuyambira mu Febuluwale 2020, CCNA ndi mayeso amodzi okha, a nambala 200-301. Amene wakhoza CCNA sapindula zambiri akabwerera kukatenga Network+.

Koma asanalipire, ayambe watsegula kabati ya netiweki pantchito pake n'kuona makina amene alimo, kenaka awerenge zotsatsa ntchito khumi za udindo umene akuufuna. Ngati dzina la Cisco likubwerezedwa, CCNA ndiyo yake. Ngati akufuna kugwira ku makampani aang'ono ogulitsa intaneti, amene ambiri amakonda makina a MikroTik chifukwa chotsika mtengo, MTCNA ingamuthandize msanga. Satifiketi ya makina amene simudzawakhudza imaiwalika isanathe n'komwe mphamvu.

CISSP ndi nkhani ina. Bungwe la ISC2 limafuna kuti munthu akhale atagwira ntchito ya chitetezo cha makompyuta zaka 5 asanapatsidwe dzinali. Wokhoza mayeso asanakwanitse zakazo amangokhala membala woyembekezera, ndipo amalipirabe chaka ndi chaka. Kwa mtsikanayu nthawi yake sinakwane.

Akatenga CCNA, chomuyenera n'kuigwiritsa ntchito chaka chimodzi kapena ziwiri: apemphe kuti azipita nawo kokakonza netiweki, azilemba mavuto amene wathetsa ndi mmene anawathetsera. Ntchitoyo ndiyo idzamuonetse njira. Akakopeka ndi chitetezo, aonjezere Security+. Akafuna kuzama pa netiweki, alowere ku CCNP, ndipo apa pali phindu limene ambiri saliona: kukhoza mayeso a CCNP kumaonjezeranso moyo wa CCNA. CompTIA nayonso imachita zomwezo, Security+ ikakonzedwanso imakonzanso Network+ ndi A+. Masatifiketi a mzere umodzi amanyamulana, pamene omwazikana m'makampani asanu aliyense amafuna ndalama zake ndi nthawi yake.

Pakatha zaka zinayi, mtsikanayu adzakhala ndi masatifiketi awiri kapena atatu, onse amoyo. Pa intaviyu akadzafunsidwa chifukwa chimene makompyuta a chipinda chimodzi sakufikira intaneti pamene ena akufikira, adzayamba ndi kufunsa ngati ali pa swichi imodzi, ngati alandira maadiresi, ndiponso ngati akutha kufikira rauta. Amene analoweza mayankho a mayeso akale amakakamira pa funso ngati limeneli, ndipo tiziwathandiza achinyamata athu kudziwa zimenezi asanatulutse ndalama zawo.