Mwala, chingwe ndi gudumu: ndani akukoka mnzake?

Ikani njinga chagada patebulo, gudumu lakutsogolo litatulukira kunja. Chotsani tayala ndi chubu kuti patsale limu yokha, mukulunge chingwe mumpata wa limuyo, ndipo kunsonga kwa chingwecho mumangeko mwala. Mukataya mwalawo, gudumu limayamba mwaulesi, kenako liwiro limanka likula mpaka chingwe chitatha. Mwana aliyense akhoza kuchita zimenezi, koma funso lomwe lili m'menemu limagwetsa ophunzira ambiri a fizikisi: kodi gudumulo likukokedwa ndi mphamvu yochuluka bwanji? Ambiri amayankha msanga kuti ndi kulemera kwa mwala. Ayi ndithu.

Tiyambe ndi chimene chimazunguza chinthu. Amene anamasulapo nati yolimba amadziwa kuti sipanala yaitali imagonjetsa nati imene yaifupi yailephera, ngakhale mkono uli womwewo. Kukoka kokha sikukwanira; pamafunikanso kudziwa kuti mukukokera patali bwanji kuchokera pakati. Ziwirizi mukazichulukitsa mumapeza mphamvu yozunguza, imene a sayansi amaitcha tooki. Pa gudumu lathu, tooki ndi kukoka kwa chingwe kuchulukitsa ndi mtunda wochokera pa habu kufika pa limu.

Gudumu nalo lili ndi makani ake. Isaac Newton anafotokoza mu 1687 kuti chinthu cholemera chimavuta kuchiwonjezera liwiro, koma pa chinthu chozungulira kulemera kokha sikunena zonse. Chofunika n'chakuti kulemerako kwakhala pati. Chitsulo cha pa limu chimayenda mtunda wautali gudumu likazungulira kamodzi, pomwe cha pa habu chimangosuntha pang'ono, choncho cha pa limu ndicho chimachita makani kwambiri. Mukachitalikitsa kawiri kuchokera pakati, makaniwo amakula kanayi. Leonhard Euler ndiye analongosola bwino nkhani imeneyi m'buku lake la mu 1765. Lamulo lake n'lalifupi:

τ = I × α

Apa τ ndi tooki, I ndi makani a gudumu, ndipo α ndi mmene liwiro lozungulira likukulira pa sekondi iliyonse.

Tsono tibwerere kwa mwala uja. Dziko likuukoka kuti ugwe, chingwe chikuukokera m'mwamba. Chingwe chikanakhala chikukoka mofanana ndendende ndi kulemera kwa mwalawo, mphamvu ziwirizi zikanathetsana, ndipo mwala sukanayamba n'komwe kutsika. Popeza tikuuona ukutsika, liwiro likunka likula, ndiye kuti chingwe chikukoka mocheperapo. Gudumu silikhudzana ndi mwala. Chimene limamva ndi chingwe basi. Nkhani yonse yagona pamenepa.

Tiyese ndi manambala. Tinene kuti gudumu ndi la makilogalamu 2, kuchokera pa habu kufika pa limu ndi mamita 0.3, ndipo mwala ndi wa theka la kilogalamu. Kuti masamu asatipweteke mutu, titenge ngati kulemera konse kwa gudumu kuli pa limu. Tikatero makani ake ndi 2 × 0.3 × 0.3, omwe ndi 0.18. Dziko limakoka kilogalamu iliyonse ndi manyutoni 9.8, choncho mwala wathu ukukokedwa ndi manyutoni 4.9.

Chomangiriza ziwirizi ndi chingwe chija. Mwala ukatsika mita imodzi, chingwe chotalika mita imodzi chamasuka pa limu, kutanthauza kuti limu ndi mwala zikuyenda pa liwiro limodzi. Motero manyutoni 4.9 aja akugwira ntchito ziwiri: kufulumizitsa mwala wa theka la kilogalamu ndi kufulumizitsa limu ya makilogalamu 2, zonse pamodzi makilogalamu 2.5. Mukagawa 4.9 ndi 2.5 mupeza 1.96. Ndiye kuti sekondi iliyonse liwiro la mwala likukula ndi mamita 1.96 pa sekondi, pomwe mwala wongoponyedwa pansi wopanda chingwe limakula ndi 9.8.

Pa manyutoni 4.9 aja, mwala wadzitengera 0.98 kuti uthamange, ndipo otsala 3.92 ndiwo ali m'chingwe. Tooki yake ndi 3.92 × 0.3, pafupifupi 1.18. Mukagawa ndi makani aja 0.18 mupeza α wa pafupifupi maradiyani 6.5 pa sekondi, sekondi iliyonse. Gudumu likazungulira kamodzi limakhala layenda maradiyani 6.28, choncho ikatha sekondi yoyamba likuzungulira kamodzi ndi kapang'ono pa sekondi, ikatha yachiwiri kawiri, bola chingwe chisanathe.

Wina anganene kuti 3.92 ndi 4.9 sizikusiyana kwambiri, tingovutikiranji? Chabwino, mangani mwala wa makilogalamu 5. Mukatenga kulemera kwake konse, manyutoni 49, ngati kukoka kwa chingwe, masamu akuuzani kuti liwiro la mwala likukula ndi mamita 24.5 pa sekondi. Mwala womangidwa kuchingwe ukupitirira mwala wogwa wokha! Yankho loona ndi 49 kugawa ndi makilogalamu 7, lomwe ndi 7. Ine ndimaona kuti mayeso amenewa ndi abwino kuposa kuloweza fomula iliyonse: yankho likafika pa 9.8 kapena kupitirira, mwalakwitsa penapake, ndipo kawirikawiri cholakwikacho ndi chingwe.

Mukayesa kunyumba muona vuto lina. Mwala wa theka la kilogalamu uja umatsika mita imodzi m'sekondi imodzi yokha, chala chisanadine n'komwe bwino wotchi ya pafoni. Njira yake ndi kukulunga chingwe pafupi ndi pakati. Tinene kuti mwamangirira kachibekete ku masipoko, pakati penipeni, kuti chingwe chizikokera pa masentimita 3 kuchokera pakati m'malo mwa 30. Tooki imatsika kufika pa 0.147, α amatsika kufika pa 0.8, ndipo mwala womwewo umatenga masekondi 9 kuti utsike mita imodzi. Apa mwala ukutsika mwapang'onopang'ono kotero kuti chingwe chanyamula pafupifupi kulemera kwake konse, manyutoni 4.89. Masekondi 9 mukhoza kuwayeza bwinobwino, ndipo kuchokera pa nthawiyo mukhoza kubwerera m'mbuyo n'kupeza makani enieni a gudumu lanu. M'malabu a fizikisi amachita chimodzimodzi ndi gudumu lachitsulo lolemera.

Musadabwe wotchi ikasiyana ndi pepala. Mwala ukachedwa kuposa mmene munawerengera, yang'anani habu: girizi wouma kapena makoni omangidwa kwambiri amadya gawo la tooki. Mudziwa pozunguza gudumu ndi dzanja. Likaima msanga, habu ndiyo yalakwa. Mwala ukafulumira, kumbukirani kuti tinanama pang'ono pomwe tinati kulemera konse kuli pa limu, popeza habu ndi masipoko zili mkati ndipo makani enieni ndi ocheperapo. Gudumu lathabwa lopanda mipata, lolemera ndi lalikulu chimodzimodzi, lili ndi theka lokha la makani amenewa. Chingwenso chisasanjikizane pa chibekete, chifukwa mtunda wokokera umasintha chikamamasuka; ulusi wopyapyala ndiwo wabwino.

Mukakhala pachitsime cha mpukutira, pomwe chingwe cha ndowa chimakulungidwa pa chitsulo chokhala ndi chogwirira, masamu omwewa akugwira ntchito. Ndowa yodzaza ikapulumuka, chitsulo chija chili ndi makani ochepa, ndipo chogwiriracho chimazungulira mwaukali woti n'kuthyola mkono. Musayese kuchigwira, patukani, ndowa mukaivuula pambuyo pake.